Ndilembe chani pa CV kuti akunja amve kuti kilinikala ofesa ndi ndani?

"Abale mugulu muno ndithandizeni. Ndine kilinikala ofesa, ndili ndi MSCE ya mapointi 14, dipuloma, komanso digiri yomwe ndinatenga ku Koleji ya Medisini mu 2019 ndi kirediti. Ndikufuna kuapulaya masitazi ku UK komanso ntchito ku mabungwe akunja. Mnzanga akuti ndilembe Physician Assistant, MSCE ndiilembe A Level, kirediti ndiisinthe ikhale 2:1. Zoona zimenezi?"

Achimwene, mnzanuyo akukufunirani zabwino koma pa zitatu zonsezo musamumvere ngakhale chimodzi. Dzina la pepala ndi dzina la udindo musasinthe, lembani ndendende mmene zilili pa setifiketi ndi pa kalata yolembedwera ntchito, kenako pansi pake muikepo mzere umodzi kapena iwiri yofotokoza kuti chinthucho ndi chani, chinatenga zaka zingati, ndipo inu mumapanga chani tsiku ndi tsiku. Zonena kuti pepala lanu likufanana ndi lawo liti si ntchito yanu, pali maofesi ake omwe amadyera zimenezo, ndipo munthu wa ku adimishoni akangoona kuti mwadzipatsa nokha pepala lomwe mulibe amayamba kukayikira ndi zina zoona zomwe.

Tiyambe ndi udindowo poti ndi pomwe pali ngozi yaikulu. Ku Amereka Physician Assistant ndi munthu woti anapita kusukulu yovomerezeka konko, nthawi zambiri pa levulo ya masitazi, analemba mayeso a dziko lonse otchedwa PANCE, kenako anatenga laisensi ya boma la dera lomwe akugwirako. Ndiye inu mukalemba dzina limenelo, wowerenga samva kuti "ntchito yake ndi yofananako", amamva kuti muli ndi laisensi imeneyo, akafunsa nambala yake mulibe, basi nkhani yathera pomwepo. Chodabwitsa nchoti mwina inu mumapanga zambiri kuposa iyeyo, makilinikala ofesa ambiri m'zipatala za maboma amapanga okha siza, koma dzinalo ndi la eni ake. Chimodzimodzi anzathu a unamwino, Registered Nurse ku UK ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo, sungangolitola poti umabaya jakisoni.

Mmene ndingalembere ine gawo limenelo ndi chonchi, manambalawo ndangoyerekeza muikepo anu enieni:

"Clinical Officer, district hospital, 2014 to 2021. Licensed non-physician clinician, registered with the Medical Council of Malawi. Diagnosed and prescribed for about 60 outpatients a day, ran a 40-bed ward, performed caesarean sections, supervised 5 Medical Assistants."

Taonani zomwe mzere wachiwiriwo wachita. Wanena kuti si inu dokotala, ndiye palibe amene anganene kuti munanama, koma wanenanso kuti muli ndi chilolezo, mumaona odwala nokha ndi kulemba mankhwala, ndipo pali khonsolo yomwe angakafunseko. Munthu wa ku HR amene sanamvepo za kilinikala ofesa chibadwire apa wamva kukula kwa ntchitoyo. Anthu a mabungwe a zaumoyo omwe agwirako mu Afirika muno dzinali amalidziwa kale, liliponso ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Zambia, ndiye kwa iwowo kulisintha nkudzibisa kwa anthu omwe akukusakani.

Vutoli limabweranso chotembenuka, dzina loti kunoko ndi lalikulu kwawo nkukhala laling'ono. Ngati munayambira pa umedikala asisitanti samalani kwambiri. Kuno ameneyo anaphunzira zaka ziwiri, ndipo pa helefu senta yakumudzi nthawi zambiri ndi iye mwini chipatala, amaona odwala onse ndi kulemba mankhwala. Ku Amereka Medical Assistant ndi amene amakuyeza BP ndi sikelo, kulemba mafomu ndi kukulowetsa kwa dokotala, salemba mankhwala. Mukangosiya dzinalo lokha opanda mzere wofotokoza, zaka zanu zonse zija mumayendetsa chipatala nokha aziwerenga ngati munali wothandizira pa risepishoni. Mudzadziwa kuti zakuchitikirani mukaona kuti akukuitanirani maintavyu a ntchito zazing'ono zokhazokha, kapena pa intavyu akukufunsani ngati munayamba mwagwirapo wodwala. Ndipo malemba a magiredi a m'boma aja musavutike nawo, kunja palibe amene akudziwa kuti giredi yakutiyakuti ndi yapamwamba kapena yapansi, nenani kuti mumayang'anira anthu angati ndipo mumapereka malipoti kwa ndani.

Tsopano MSCE. Imeneyi kunja amaiika pa mzere wa O Level kapena GCSE, osati A Level. Ku Mangalande mwana amalemba GCSE, kenako zaka ziwiri za A Level, kenako digiri ya zaka zitatu. Ife timachoka folomu 4 kulowa digiri ya zaka zinayi, ndiye masamu ake amakakumana kutsogolo koma masitepe ake ndi osiyana. Mukalemba A Level adzakupemphani setifiketi yake ndipo mudzatulutsa ya MANEB yolembedwa zina.

Koma msampha weniweni wa MSCE, womwe anthu ambiri sauona, ndi manambala. Kwathu 1 ndiye kukhoza kwambiri, 1 ndi 2 disitinkishoni, 3 mpaka 6 kirediti, 7 ndi 8 pasi, 9 walephera. Ku Mangalande kuyambira 2017 anayamba kusintha magiredi a GCSE kukhala manambala, ndipo kwawo 9 ndiye pamwamba, 1 ndiye pansi penipeni. Ndiye tangoganizani mwalemba monyadira kuti masamu 1, bayoloje 2, wowerenga ndi kalaliki wachinyamata amene anazolowera za kwawo, m'maso mwake mwalakwa zonse. Mapointi 14 nawonso kwa iye alibe tanthauzo, sadziwa kuti timawonkhetsa maphunziro 6 omwe wakhoza bwino ndipo ochepa ndiye abwino. Lembani chonchi:

"Malawi School Certificate of Education (MSCE), MANEB. 14 points in best six subjects. Scale 1 to 9, 1 is highest, best possible total is 6."

Kunena zoona munthu wa digiri ndi zaka zambiri za ntchito, MSCE mzere umodzi womwewo wakwana, pa CV ya ntchito mutha kuichotsa kumene. Imafunika kwambiri kwa amene akuapulaya digiri yoyamba, kapena sukulu ikafuna kuona giredi ya Chingerezi.

Pa digiri pali zinthu ziwiri. Choyamba dzina la sukulu. Inu munamaliza 2019, nthawi imeneyo Koleji ya Medisini inali pansi pa UNIMA, ndipo setifiketi yanu yalembedwa University of Malawi. KUHeS inayamba mu 2021 pamene kolejiyo inaphatikizana ndi koleji ya anamwino ya Kamuzu, nthawi yomweyo Poli inasanduka MUBAS. Ndiye musalembe kuti digiri yanu ndi ya KUHeS poti ndi dzina lomwe likumveka pano, CV izinena zomwe setifiketi ikunena, kenako muonjezere kuti kolejiyo pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Kamzere kameneko kamathandiza chifukwa wofufuza akalemba dzina lakalelo pa intaneti nkupeza lina amasokonezeka, komanso adziwe kolembera kalata akafuna kutsimikiza. Amene anaphunzira ku Bunda isanakhale LUANAR nkhani yake ndi yomweyi.

Chachiwiri ndi kirediti ija. Ku UK amagawa madigiri awo kuti First, 2:1, 2:2 ndi Third, ndipo masitazi ambiri amapempha 2:1, ena 2:2. Ndikumvetsa chifukwa chake mnzanu akuti mungosintha, koma palibe tebulo limodzi lomwe sukulu zonse zimagwiritsa ntchito. Yunivesite iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, zambiri zili ndi tsamba lolemba zomwe zimafuna kwa ochokera dziko lililonse, pitani pamenepo musake Malawi muone avereji yomwe akufuna, ndipo mudzaona kuti sukulu ziwiri zitha kusiyana pa pepala lomwelo. Ina ikakukanani si ndiye kuti zonse zikukanani. Pa CV lembani Credit, muikepo avereji yanu ya mapelesenti mmene ilili pa thiransikiripiti, basi. Fomu ya pa intaneti ikakufunsani GPA ya pa 4.0 pomwe sukulu yanu sinakupatseni, musatenge kakyuleta nkuyamba kugawa, sakani posankha sikelo ina kapena alembereni imelo muwafunse choika. Chifukwa chake nchoti 68 ya sukulu yowuma manja pochonga mukaisintha mwachindunji imaoneka ngati munangodutsira pawindo, pomwe mkalasi mwanu mwina munali m'gulu la pamwamba. Ndipo posikana thiransikiripiti sikanani ndi kuseri komwe ngati kuli tebulo lofotokoza magiredi, anthu ambiri amasiya tsamba limenelo poganiza kuti ndi lopanda ntchito chonsecho ndi lomwe woyesa amayamba kuyang'ana.

Nanga amene amanena mwalamulo kuti pepala likufanana ndi chani ndi ndani? Ku UK ndi UK ENIC, kale inkatchedwa UK NARIC, amapereka kalata yotchedwa Statement of Comparability. Ku Amereka ndi Canada ambiri amadutsira ku WES, ndipo kumeneko kuli mitundu iwiri, ina amangonena kuti pepalalo ndi la levulo yanji, ina amatenga kosi iliyonse payokha nkuwerengera GPA, sukulu zambiri zimafuna yachiwiriyo. Ku Joni ndi SAQA, amakuika pa makwerero awo a NQF omwe amafika 10, pomwe digiri wamba ili pa 7, onazi pa 8, masitazi pa 9. Zonsezi ndi zolipira ndipo ya dziko lina sigwira ntchito dziko lina, ndiye musathamangire kugula musanauzidwe, mayunivesite ambiri a ku UK amaziyesera okha mapepala. Koma mukaipeza kalatayo, apo ndiye muli ndi ufulu wolemba pa CV kuti digiriyi anaiyesa akutiakuti ndipo anati ikufanana ndi chakuti, mawu ake muwakopere ndendende ngakhale atakhala kuti sanakukomereni.

Chomwe chimachedwetsa anthu pa WES si iwowo ayi, ndi thiransikiripiti, chifukwa amafuna ichokere kusukulu mwachindunji kapena ifike mu envelopu yomatidwa ndi kudindidwa ndi sukuluyo, ya mufoni mwanu salandira. Ndiye yambani kulondola ku ofesi ya rejisitira miyezi ingapo tsiku lotsekera lisanafike. Muonenso maina, ngati pa MSCE pali dzina lina lapakati lomwe pa pasipoti palibe, kapena masipelo asiyana, konzeranitu afidaviti.

Musanatumize, aonetseni CV yo anthu omwe akukulemberani makalata a umboni, kuti udindo ndi zaka zomwe alembe iwo zigwirizane ndi zanu. Ngati munagwirizirapo udindo wa bwana wanu kwa miyezi ingapo lembani Acting ndi miyezi yake, chifukwa akaimba foni kuchipatala kuja a HR adzawerenga zomwe zili mufayilo, ndipo mufayilomo mwalembedwa kilinikala ofesa.