Kodi aphunzitsi 10 akukwana pa kafukufuku wanga?

"Ndikulemba mutu wachitatu wa kafukufuku wanga wa digiri ya zauphunzitsi. Ndikufuna kucheza ndi aphunzitsi 10 a Sitandade 2, koma ondiyang'anira akuti ndifotokoze chifukwa chake. Ndinene chiyani?"

Kalata yanu yandikumbutsa manyazi amene ndinachita ine mwini. M'sukulu zimene ndinasankha ku Ndirande ndi ku Chilomoni munali aphunzitsi 120, ndipo poopa kuoneka waulesi ndinatola njira ya Yamane yopezera chiwerengero cha anthu oti afunsidwe, imene anzanga onse ankakopera:

```
n = N / (1 + N*e^2)
```

Nditaika 120 pa N, chiwerengero cha aphunzitsi onse, ndi 0.05 pa e, mlingo wa kulakwitsa kololedwa, yankho linatuluka 92, ine n'kulemba monyadira kuti ndidzacheza ndi aphunzitsi 92. Ondiyang'anira anangondifunsa kuti ndidzalemba liti zonse zimene anthuwo adzayankhule. Kucheza kwa mphindi 45 kumanditengera pafupifupi maola anayi kuti ndikulembe liwu ndi liwu, osawerengera kumasulira m'Chingerezi. Masamu amenewo ndi a kafukufuku wa mafomu, pamene mukufuna kunena kuti aphunzitsi angati mwa 100 alionse amachita chakutichakuti. Kuwaika pa kafukufuku wocheza ndi anthu n'kulakwitsa, ndipo oyesa mayeso amaona msanga kuti wolembayo sanamvetse chimene akufufuza.

Pamapeto pake ndinacheza ndi aphunzitsi 12 a m'sukulu zitatu. Pofika wachisanu ndi chinayi ndinkamva zomwezomwezo: kuchuluka kwa ana m'kalasi, kuchepa kwa mabuku, ndi ana ojomba tsiku lililonse. Atatu otsalawo sanabweretse mfundo yatsopano. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene wofufuza wina dzina lake Guest ndi anzake anapeza mu 2006 atacheza ndi amayi 60 ku Ghana ndi ku Nigeria, kuti mfundo zambiri zinali zitatuluka kale pofika munthu wa 12. Koma amayiwo anali ofanana m'zambiri, choncho musabisale kuseri kwa chiwerengerochi ngati mwasakaniza aphunzitsi, makolo ndi alangizi a zoni.

Malo ochezera nawonso anandipweteka. Mphunzitsi woyamba ndinacheza naye mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, eni ofesi ali pomwepo, ndipo mayankho ake onse anali akuti zonse zili bwino. Titakumananso pansi pa mtengo ana ataweruka, n'kusiya Chingerezi, anayankhula ola lathunthu.

Zoti mulembe

Tchulani amene mwawasankha ndi chifukwa chake, mwachitsanzo aphunzitsi amene aphunzitsa Sitandade 2 kwa zaka zosachepera ziwiri. Nenani kuti mukuyamba ndi 10 ndipo mudzawonjezera ngati omalizawo akubweretsabe zatsopano. Fotokozani kuti mukucheza ndi mmodzimmodzi, m'Chichewa, chifukwa pagulu mphunzitsi sangadandaule za sukulu yake, kenaka muvomereze poyera kuti zotsatira zanu sizikuimira aphunzitsi onse a m'dera lanu.