Puloteni baa: kutsogolo 30 g, m'mimba mukulowa zingati?

"Ndimagula puloteni baa ya 60 g ndikamachokera kujimu. Kutsogolo analemba kuti mapuloteni 30 g, shuga wochepa. Kumbuyo kuli tebulo: mphamvu 1570 kJ, mapuloteni 30 g, shuga 4 g, mapoliyo 25 g, mafuta 16 g. Kodi zikugwirizana, kapena ndikungodyeredwa ndalama?"

Musanawerenge nambala iliyonse, yang'anani mutu wa tebuloyo. Kawirikawiri pamakhala mizere iwiri, wina wa pa 100 g, wina wa mlingo wodya kamodzi. Manambala mwatumizawa ndi a pa 100 g. Umboni wake ndi wakuti mukaphatikiza 30, 4, 25 ndi 16 mukupeza 75 g, ndipo zinthu zolemera chonchi sizingakwane m'kapaketi ka 60 g. Choncho nambala iliyonse muichulukitse ndi 0.6. Mapuloteni anu ndi 18 g, osati 30 g. Onetsetsani pansi pa 30 wamkuluyo, mwina pali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti ndi pa 100 g. Ngati tilipo, sananame, angokusocheretsani. Ngati palibe, kutsogolo ndi kumbuyo kukutsutsana, ndipo inu khulupirirani kumbuyo. Makampani ena amachitanso zoika timabaa tiwiri m'paketi imodzi, kutsogolo n'kulemba mapuloteni a tonse tiwiri, kumbuyo shuga wa kabaa kamodzi.

Tsopano funso lenileni: mphamvu za m'baayi zikuchokera kuti? Galamu imodzi ya mapuloteni imapereka 17 kJ, pamene ya mafuta imapereka 37 kJ. Ngati paketi yanu ili ndi makalori, manambala ake ndi 4 ndi 9.

Mapuloteni: 30 × 17 = 510, ndipo 510 ÷ 1570 = 32%
Mafuta: 16 × 37 = 592, ndipo 592 ÷ 1570 = 38%

Ku Britain ndi m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, chakudya chimaloledwa kulembedwa kuti chili ndi mapuloteni ambiri ngati 20% ya mphamvu zake ikuchokera ku mapuloteni. Baa yanu yadutsa bwinobwino. Koma taonani, pa mphamvu mafuta akuposa mapuloteni pa chinthu chomwe dzina lake ndi puloteni, ndipo n'chifukwa chake kutsogolo sanatchuleko mafuta. Kuti alembe kuti mafuta ndi ochepa, malamulo omwewo amafuna 3 g kapena kucheperapo pa 100 g. Inu muli pa 16 g. Onaninso kamzere ka pansi pa mafuta, ka mafuta oundana aja. Kakaposa 5 g pa 100 g, ku Britain amakapaka chizindikiro chofiira. Nthawi zambiri amachokera ku chokoleti chokutira kunja ndi mafuta a kanjedza.

Pa shuga anena zoona. Malire ake ndi 5 g pa 100 g, yanu ili ndi 4 g, kutanthauza 2.4 g m'baa yonse, yosakwana n'kasupuni ka tiyi komwe. Nanga kutsekemera konseko kukuchokera kuti? Ku mapoliyo aja, zotsekemeretsa zomwe amaika m'malo mwa shuga. Pa mndandanda wa zosakaniza mupeza maina ngati malititolo kapena sobitolo. Lamulo siliwawerenga ngati shuga, koma si aulere: galamu iliyonse imawerengedwa 10 kJ, ndipo malititolo amakwezabe shuga wa m'magazi, ngakhale mocheperapo. Wodwala matenda a shuga asanyengeke nazo. Matumbo sayamwa mapoliyo onse, otsalawo amakoka madzi n'kuyamba kusasa, ndiye kumabwera mpweya, kutupa mimba, mwinanso kutsegula. N'chifukwa chake ku Ulaya chakudya chikakhala ndi mapoliyo opitirira 10% chimayenera kukhala ndi chenjezo. Baa imodzi ikukupatsani 15 g. Mukadya ziwiri tsiku limodzi, musadabwe mimba ikamalira.

Chomwe tebulo silingakuuzeni ndi mtundu wa mapuloteniwo. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira cholemera kwambiri kutsikira m'munsi, ndiye werengani zitatu zoyambirira. Mapuloteni a mkaka kapena a soya akakhala poyamba, zili bwino. Koma pakatsogola kolajeni kapena jelatini, mapuloteni ochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, dziwani kuti izi zimadzaza nambala pa tebulo pamene zilibe tiriputofani, imodzi mwa maamino asidi, tizigawo topanga mapuloteni, amene thupi silitha kudzipangira. Pomanga minofu zimatsalira kutali poyerekeza ndi mkaka.

Zoti mukudyeredwa kapena ayi, yesani chonchi. Dzira limodzi lalikulu lili ndi mapuloteni pafupifupi 6 g, choncho baa yanu ikufanana ndi mazira atatu owiritsa. Funsani mtengo wa mazira atatu pagolosale yapafupi, muuike pambali pa mtengo wa baayo. Ndalama yapamwambayo mukulipirira chokoleti ndi kusavuta kwake konyamula m'chikwama.