Anandikana, ndafunsa chifukwa, sakundiyankha

"Ndine telala. Ndinapikisana nawo pa ntchito yosoka mayunifolomu 60 a antchito a kampani ina, koma anasankha wina. Ndinawalembera kuti, 'Chonde ndiuzeni chifukwa chimene mwandikanira.' Patha masabata awiri ali zii. Ndinalakwitsa pati?"

Mayi, vuto lili pa kafunsidwe. Kwa munthu wogula katundu pakampani, mawu oti "mwandikaniranji" amamveka ngati chiyambi cha mlandu. Amaopa kuti akalemba chifukwa, mudzachigwira n'kuyamba kutsutsa, mwinanso kukamunenera kwa abwana ake. Komanso funso lotambalala chotere limafuna kuti akhale pansi, afufuze mapepala, aganize zolemba. Kukhala chete kumamupepukira.

Ndiye muchotsereni zonse ziwiri, mantha ndi ntchito. Lemberani munthu weniweni amene munkalankhula naye, osati kampani yonse, ndipo yambani ndi kuvomereza kuti nkhani inatha. Mwachitsanzo:

"Zikomo pondipatsa mpata wopikisana nawo. Chigamulo chanu ndachilandira, sindikupempha kuti muchisinthe. Ndikungofuna kukonza ntchito yanga. Mwa zitatu izi, chimene chinandigwetsa kwambiri n'chiti: mtengo, kasokedwe ka yunifolomu yachitsanzo ija, kapena masiku 30 amene ndinati ndimalizira? Liwu limodzi likwanira."

Kusankha pa zitatu kumamutengera mphindi imodzi. Akadakhalabe chete, mukumbutseni kamodzi pakatha sabata, basi. Ena samasuka kulemba koma pafoni amalankhula, choncho mungapemphe mphindi zisanu zokha. Ulendo wina musadikirenso masabata. Funsani pasanathe masiku atatu, adakakumbukira za inu.

Tsopano chenjerani ndi yankho loti "mtengo". Anthu amalikonda chifukwa silipweteka munthu. N'kovuta kuuza telala kuti msoko wake unali wokhota. Akatero, musafunse kuti mnzanuyo anatchula ndalama zingati, poti chimenecho n'chinsinsi chawo ndipo angatseke khomo. Funsani kuti, "Mitengo ikanakhala yofanana, mukanasankha ine?" Akayankha msanga kuti inde, ndiye kuti unalidi mtengo. Akayamba kuzengereza, kuti "eee, komabe winayo ali ndi makina ambiri," mwapeza chenicheni: ankakayika ngati mungakwanitse mayunifolomu 60 pa nthawi yake. Mankhwala a zimenezi si kutsitsa mtengo ayi, koma kulemba m'pepala lopikisanira ntchito yotsatira kuti muli ndi osoka angati, mumatulutsa zingati pa sabata, ndiponso oda yaikulu imene munaperekapo.

Chovuta kwambiri ndi kugwira pakamwa. Akakuuzani zoti simukugwirizana nazo, mtima umafuna kudziteteza, koma mukangoti "ayi, si choncho," munthuyo sadzakuuzaninso kanthu. Lembani zimene wanena, muthokozeni, kenako mufunse kuti adzaitanitsanso liti mitengo. Ndipo musathamangire kusintha mitengo yanu chifukwa cha munthu mmodzi. Dikirani kaye ogula awiri kapena atatu atchule chinthu chomwecho.