Mayeso kaye, kenako mukhudze khodi ya mitengo

Funso: Akulu, ndapatsidwa pulogalamu yolandirira maoda yomwe analemba munthu wina yemwe anachoka kale. Abwana akufuna ndionjezemo njira yatsopano yochotsera mtengo, koma mulibe mayeso ngakhale amodzi. Mwezi watha ndinangokonza pang'ono, invoisi zina zinayamba kusiyana ndi zakale ndi 0.01. Ndiyambire pati kulemba mayeso a mtengo, kuchotsera ndi msonkho? Ndi ya Python.

Yankho: Achimwene, 0.01 ameneyo ndikumudziwa bwino. Ndisanaone n'komwe khodi yanu, ndinganene kuti munasuntha malo pomwe nambala imafupikitsidwa kuti itsale ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho. Mwina khodi yakale inkafupikitsa msonkho pa mzere uliwonse wa oda, inu mwayamba kufupikitsa kamodzi kumapeto, kapena mosemphanitsa. Mayeso anu oyamba akhale a pamenepo.

Tengani oda ya zinthu zitatu zosiyana, chilichonse cha 10.30, msonkho tiyerekeze kuti ndi 15 peresenti. Msonkho wa chinthu chimodzi ndi 1.545. Mukafupikitsa mzere uliwonse, 5 wa kumapeto n'kumukweza, mupeza 1.55, ndipo mizere itatu ikupatsani 4.65. Mukaphatikiza kaye zonse n'kupeza 30.90, msonkho wake ndi 4.635, womwe ukhala 4.64. Oda ndi yomweyo, palibe walakwitsa masamu, koma mayankho ndi awiri. Ndiye pali lachitatu. `Decimal` wa Python mukapanda kumuuza kanthu amatsata `ROUND_HALF_EVEN`, kutanthauza kuti nambala ikaima pakati penipeni amaikankhira kwa 0, 2, 4, 6 kapena 8. Choncho 1.545 akhala 1.54, mizere itatu 4.62. Wolemba wakale ngati anaika `ROUND_HALF_UP` penapake, inu n'kuiwala polemba fankishoni yatsopano, basi mwasintha invoisi osadziwa.

Oda imeneyi ndimayamba nayo pa pulogalamu iliyonse yomwe yandipeza, chifukwa kuithamangitsa kamodzi kokha imandiuza khalidwe la khodiyo. Ikani mu pulogalamu yakale, isanakhudzidwe, muone chomwe chituluke. Chikatuluka 4.65 mulembe chomwecho:

```python
from decimal import Decimal

def test_mizere_itatu():
    mizere = [Decimal("10.30")] * 3
    assert msonkho(mizere, Decimal("0.15")) == Decimal("4.65")
```

Onetsetsani kuti ndi mizere itatu yosiyana. Chinthu chimodzi chogulidwa katatu pa mzere umodzi ndi nkhani ina, ndipo nacho chikufuna mayeso akeake, chifukwa khodi ina imafupikitsa msonkho wa chimodzi kenako n'kuchulukitsa, ina imachulukitsa kaye. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti anthu amayesa ndi 100 kapena 50, manambala osalala, mayeso n'kudutsa, iwo n'kumati zatheka. Msonkho wa 100 ndi 15.00 kaya mufupikitse motani, ndiye mwayesa chiyani? Ngakhale oda yathu ija mukaichotsera 10 peresenti vuto limabisala: mzere ukhala 9.27, ndipo njira zonse zikupatsani 4.17. Muzisankha dala manambala omwe msonkho wake umathera pa 5 pa malo achitatu pambuyo pa kadontho.

Kuti njira yoyenera ndi iti, musaganize nokha. Funsani owerengera ndalama za kampaniyo, chifukwa malamulo a msonkho amasiyana dziko ndi dziko. Koma pakali pano ntchito yanu si kukonza. Mukulemba mayeso ojambula zomwe pulogalamu ikuchita lero, zolakwika zomwe. Mukapeza cholakwika chilembeni pambali, mudzachikonze pachokha tsiku lina abwana akudziwa. Mukasakaniza kukonza ndi kusintha, invoisi ikasiyana simudzadziwa chomwe chachititsa.

Mayeso ambiri simufunika kuwapeka, ali kale mu detabesi. Tulutsani maoda akale mazana angapo, muchotse mayina ndi manambala a foni a makasitomala, musunge mu fayilo mizere yake, kuchotsera, msonkho ndi ndalama yonse yomwe inalipidwa. Kenako `pytest` aziwerengeranso imodziimodzi:

```python
import pytest

@pytest.mark.parametrize("oda", maoda_akale())
def test_oda_yakale(oda):
    assert werengera(oda) == oda.yolipidwa
```

Apa anthu amagwa pa chinthu chimodzi. Fankishoni yowerengera ikamapita yokha kukatenga mtengo wa lero kapena kuyang'ana tsiku la lero, maoda akale onse alephera popanda chifukwa chenicheni, popeza mitengo inakwera ndipo nthawi yochotsera mtengo inatha. Mtengo, peresenti ya msonkho ndi tsiku zizilowa mu fankishoni kuchokera mu fayilo ija. Ngati khodi yakale inamangirira zonse pamodzi ndi detabesi, kumasula zimenezo ndiko kusintha kokha komwe ndingakuloleni musanakhale ndi mayeso, ndipo musakhudze masamu alionse pochita zimenezo.

Tsopano kuchotsera, komwe abwana akufuna. Kuchotsera kwa peresenti sikuvuta kwambiri, chifukwa kaya kubwere msonkho usanaikidwe kaya pambuyo, ndalama yolipira imafanana kupatula za kufupikitsa zija. Kuchotsera ndalama yokhazikika ndiye kumaluma. Katundu wa 100.00, kuchotsa 10.00 kenako kuika msonkho, kasitomala alipira 103.50. Kuika kaye msonkho kenako kuchotsa, alipira 105.00. Mayeso amodzi atseke nkhani imeneyo.

Ndipo 10.00 yemweyo mukamugawa pa mizere itatu, uliwonse utenga 3.33, zonse pamodzi 9.99. Wotsalayo 0.01 apita kuti? Khodi yabwino imamuponya pa mzere umodzi, womaliza kapena waukulu, ndipo mayeso anu anene kuti zigawo zikaphatikizidwa zizikwana 10.00 ndendende. Izi zimaonekera tsiku lomwe kasitomala wabweza chinthu chimodzi, kapena oda ikakhala ndi katundu wina wolipira msonkho ndi wina wosalipira. Ndinaonapo sitolo ina ya pa intaneti yomwe munthu akabweza zinthu zonse chimodzichimodzi ankalandira ndalama yoposa yomwe analipira, ndipo zinatenga miyezi owerengera ndalama asanazindikire. Lembani mayeso oti zobweza zonse zikaphatikizidwa zifanane ndi yolipidwa.

Zinazo n'zachidziwikire: kuchotsera koposa mtengo kusatulutse nambala ya pansi pa ziro, oda yopanda kanthu, kuchotsera kuwiri pa oda imodzi, ndiponso malire. Ngati kuchotsera kumayamba pa 500.00, yesani 499.99, 500.00 ndi 500.01.

Mukapeza ndalama zikusungidwa mu `float`, dziwani kuti anamanga ndi zipangizo zosalimba. Lembani `round(2.675, 2)` muone, ikupatsani 2.67, chifukwa kompyuta imasunga 2.675 ngati nambala yochepera pang'ono. Mudzasamukire ku `Decimal`, ndipo muzimupatsa nambala ili m'mitengero, `Decimal("10.30")`, osati `Decimal(10.30)` yemwe amanyamula vuto lomwelo. Koma kusamukako kubwere mayeso atakhala kale, chifukwa invoisi zina zidzasintha ndithu ndipo mufunika kuona kuti ndi ziti. Musayerekezenso kuika `pytest.approx` pa ndalama ndi malire otakata kuti mayeso adutse. Ameneyo ndi 0.01 yemwe wakubweretsani kuno.

Yankho loyembekezeka muzililemba ngati nambala yeniyeni, yochokera pa invoisi yakale kapena yowerengera pa pepala. Mukaliwerengera ndi fankishoni yomwe mukuiyesayo, mayesowo sadzalephera mpaka kalekale. Mukamaliza, onongani dala khodi: sinthani `ROUND_HALF_UP` akhale `ROUND_HALF_EVEN`, kenako sunthani kuchotsera kupite pambuyo pa msonkho, muthamangitse `pytest` nthawi iliyonse. Akapanda kudandaula, ndiye kuti pali oda yomwe simunailembe. Ilembeni, mubwezeretse khodi mmene inalili, kenako muyambe za abwana zija.