Munthu akudumphitsa ma ARV, ndilembe chani mu fayilo osamuululira chinsinsi?

"Achemwali, ndangoyamba kumene ntchito ya uphungu pa helefi senta ina kuno ku Zomba. Ndili ndi mayi wina akudumphitsa mankhwala, vayirolodi, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, yakwera, ndipo wandiuza zinthu zolemera za m'banja mwake. Ndilembe zonse? Ndikuopa, mafayilo athu amagwira anthu ambiri."

Ayi musalembe zonse achemwali, koma musangolembanso kamzere kamodzi koti "walangizidwa" basi, chifukwa amene adzamuone mwezi wamawa mwina simudzakhala inu, ndiye mayiyo adzayambirenso kufotokoza za kuchipinda kwake kwa munthu wachilendo. Ine ndimalemba chimene chikutchinga kumwa mankhwala ndi zimene tagwirizana, nkhani yeniyeniyo imatsala pakati pa ine ndi iyeyo.

Poyamba dziwani kuti pepala lililonse limagona kuti. Masitakadi, khadi lija timalembapo za munthu womwa ma ARV, imatsala ku kiliniki koma amaigwira akalaliki, anamwino, adokotala, olowetsa mu kompyuta, nthawi zina mpaka alendo obwera kudzaona malipoti. Kabuku ka kuchipatala kaja amapita nako kunyumba, kamakhala pansi pa matilesi kapena mu chikwama chimene ana amapisamo akamafuna ndalama ya mandasi. Mu kabukuko musalembemo za uphungu olo pang'ono, deti yobwereranso yakwana. Za uphunguzo zipite pa fomu yake kapena pepala lolowa mu fayilo, pamwamba nambala yake ya ku kiliniki, osabwerezanso dzina, mudzi ndi foni pa pepala lililonse. Zomba ndi yaying'ono inu, amene akusanja mafayilo mwina amapemphera limodzi ndi apongozi a mayiyo ku Chinamwali.

Ndipereke chitsanzo, ndasakaniza nkhani za anthu angapo kuti wina asadzizindikire. Mayi wogulitsa tomato, amamwa piritsi limodzi patsiku, TLD ija timaitcha 13A. Analandira mapiritsi 90 pa 4 Malichi, kunyumba kunalibe otsala, wabwera pa 27 Meyi. Apita masiku 84, ndiye mu botolo mumayenera kutsala 6. Tawerenga tapeza 27. Wadumphitsa 21, wamwa 63 pa 84, ndiye 75 peresenti pamene timafuna 95 kupita m'mwamba. Vayirolodi yadutsa 1,000.

Ndikanangomufunsa kuti bwanji simukumwa akanati ndimaiwala, aliyense amatero. Ndinangoti masabata 12 amenewa, mapiritsi 21, pafupifupi awiri pa sabata, ndi masiku ati amene amakuvutani mayi? Anakhala chete akupinda nsonga ya chitenje, kenako nkuti Loweruka ndi Lamulungu. Bambo amagwira ntchito ku Blantyre amabwera Lachisanu usiku, sakudziwa, ndiye botolo amakalisiya kwa mng'ono wake, amene ndi gadiyani wake, mpaka Lolemba. Kuchoka apo zinatuluka zambiri, zoti bambowo ali ndi mkazi wina, dzina lake, kumene amakhala, zoti iyenso anali ndi chibwenzi kale ndipo sakudziwa anabweretsa ndani, analira ndithu pafupifupi theka la ola.

Zimene ndinalemba ndi izi, inu mutha kulemba m'Chingelezi monga mwa nthawi zonse:

"27 Meyi, uphungu woyamba vayirolodi itakwera. Otsala 27 m'malo mwa 6, wamwa 75 peresenti. Amadumphitsa Loweruka ndi Lamulungu chifukwa sanaulule kwa amene amakhala naye, masiku amenewo mankhwala amakhala kwina. Wodziwa ndi gadiyani yekha. Ndafunsa za nkhanza, akuti sanamenyedwepo koma akuopa kuthamangitsidwa. Mowa samwa, za TB, za magazi kapena za chilungulira sakumwa. Tagwirizana: Lachisanu azitenga mapiritsi awiri m'kapepala ka mankhwala, azimwa m'mawa popita kosamba. Za kuulula sanakonzeke, tidzakambiranenso. Foni ayi, kunyumba osapitako, uthenga udzere kwa gadiyani. Abwere pa 24 Juni."

Mwaona mulibe Blantyre, mulibe tomato, mkazi wina uja mulibe, chibwenzi chakale mulibe. Zimenezo sizisintha chimene dokotala achite, koma zitatuluka zitha kupasula banja. Mawu oti "amene amakhala naye" akwana, wogwira ntchito aliyense amva.

Za mankhwala enawo sindinalembe mongodzazitsa pepala. Dolutegiraviya amene ali mu TLD salowa bwino m'thupi akamwedwa limodzi ndi mankhwala a chilungulira okhala ndi maginiziyamu, kapena mapiritsi a ayironi ndi kashiyamu pamimba popanda kanthu, ndipo rifampisini wa TB amamuchepetsa mphamvu mpaka amafunika kuonjezera dozi. Munthu atha kumamwa tsiku lililonse vayirolodi nkukwerabe, ndiye mukalemba kuti mwafunsa, dokotala sakayikanso mbali imeneyo. Komanso kuwerenga mapiritsi kumanamiza. Ena akadziwa kuti tiwerenga amataya otsalawo mu toyileti asananyamuke, botolo lili ndendende koma vayirolodi ili m'mwamba. Zikatero lembani manambala onse awiri mmene alili, osalemba kuti "akunama".

Pa mawuwo ndimakwiya nazo ndithu. "Wosamvera", "wovuta", "chidakwa", "wachimasomaso", mawu amenewa akalowa mu fayilo amakhalamo zaka, aliyense wotsegula amayamba ndi kukalipa asanapereke ndi moni yemwe. Ngati ndi mowa lembani kuti amamwa masiku angati pa sabata ndipo akamwa amadumphitsa kapena ayi. Ine ndili watsopano ndinalembapo pa fayilo ya bambo wina kuti ali ndi zibwenzi ziwiri, ndikuona ngati ndiye kulemba mozama kumeneko. Patapita miyezi wina anamufunsa pa windo, anthu ali pa benchi phee akumva, kuti nanga azibwenzi aja anayezetsa? Bamboyo anatenga botolo lake nkutuluka, mwezi womwewo anapempha transifa. Mpaka pano chimandiwawa.

Pali zina zoti musabise ngakhale zikhale zowawa. Akanena kuti akumenyedwa, akuganiza zodzipha, kapena pali mwana amene akuchitidwa nkhanza, zimenezo zilembedwe momveka ndi kumene mwamutumiza, ndipo muuzeni poyambirira penipeni kuti zoterezi ndidzauza mkulu wa kiliniki, asadzati munamupereka. Kupatula apo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wazaumoyo kuulula zoti munthu ali ndi kachilombo iye asanalole, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula, ndiye mwamuna wa mayi uja atabwera ndi ukali kudzafunsa kuti mkazi wanga amadzatani kuno, si inu woyankha, apite kwa mkulu wa kiliniki.

Ndikamaliza kulemba ndimamuwerengera mwini wake, pang'onopang'ono, nkufunsa kuti pali choti tichotse? Mayi uja anandichotsetsa mawu oti mng'ono wake, tinangosiya gadiyani. Pa 24 Juni wolandira fayiloyo angoyambira pomwepo, kapepala ka Lachisanu kanatheka kapena ayi, otsala angati, ndipo akamwa bwino miyezi itatu magazi atengedwenso. Ikatsika ndiye kuti vuto linali kamwedwe, ikakhalabe pamwamba mpamene adokotala amayamba kuganiza ngati mankhwalawo asiya kugwira, ndipo poganiza zimenezo amadalira zomwe inu munalemba.

China, ndaona mu imelo yanu munati mutha kunditumizira chithunzi cha fomuyo pa WhatsApp kuti ndione. Musatero chonde, foni amabwereka ana komanso zithunzi zimatsalira mu galare. Kalembeni pa pepala lina popanda nambala, deti ndi mudzi, tidzaonere limodzi ndikadzatsika m'tauni.