Kalata ya filimu ya katuni: K400,000 ikugula mawu anu mpaka pati?

"Ndimachita masewero a pa wailesi kuno ku Kasungu. Kampani ina ya ku Lilongwe yandilembera kalata yoti ndikayankhule ngati gogo mu filimu ya katuni ya mphindi 12. Akuti adzandilipira K400,000 filimu ikatha, ndipo mawu anga adzawagwiritsa ntchito 'mu filimuyi ndi zina zonse zokhudzana nayo, kulikonse, mpaka kalekale'. Andipatsa masiku 7 oti ndiyankhe. Ndisaine? Nanga ndikapempha kuti asinthe zina, sandilanda mwayiwu?"

Mayi, musasaine kaye, ndipo musalembe ngakhale "chabwino, ndavomera" pa WhatsApp. Pa malamulo, kalata yotchula ntchito, ndalama ndi mfundo zake imangodikira kuti inu muvomere. Mukavomera, yasanduka kontrakiti yomanga mbali zonse ziwiri. Lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa foni ndi pa intaneti limalola kuti uthenga wotere ukhale umboni ku khoti. Kupita ku situdiyo n'kukajambulitsa mawu kalata ili m'manja nakonso kungatengedwe ngati kuvomera zonse zomwe zalembedwamo.

Nkhawa yanu yolandidwa mwayi ili ndi maziko, koma zikudalira kalembedwe ka yankho. Mukalemba kuti "ndikuvomera pokhapokha mundipatse K600,000", pa malamulo mwakana zomwe anakupatsani n'kuika zanu, ndipo iwo akakana simungabwerere n'kuwakakamiza pa K400,000 ija. Koma mukafunsa kuti "ndisanayankhe, kodi mungalole kuti mfundo iyi ilembedwe motere?", kalata yawo imakhalabe yamoyo. Dziwani kuti masiku 7 amenewo si lonjezo lowamanga: nthawi zambiri wopereka mwayi amatha kuubweza musanavomere, bola akudziwitseni. Funsani mawa lomwe, osadikira tsiku lomaliza.

Mu kalatayi mukugulitsa zinthu ziwiri pa mtengo umodzi. China ndi thukuta lanu la mu situdiyo, china ndi chilolezo chogwiritsa ntchito mawu omwe ajambulidwa. Lamulo loteteza ntchito zaluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza ochita masewero ndi oimba kuti luso lawo lisajambulidwe kapena kufalitsidwa iwo osavomera. Koma chitetezochi chimathera pomwe mwavomereza ndi dzanja lanu. Mukapereka chilolezo chotambalala, khoti lidzawerenga zomwe zili pa pepala, osati zomwe munkaganiza mumtima.

Mawu oti "kulikonse, mpaka kalekale" ine sakundiopsa kwenikweni, ngati akukamba za filimu yokhayo. Wojambula katuni amayendetsa milomo ya gogoyo motsatira mawu anu, ndiye sangawachotse pakatha zaka ziwiri popanda kuyambiranso ntchito. Ma wailesi a kanema ndi okonza zionetsero za mafilimu amafunanso umboni woti aliyense womveka mu filimu anavomera. Apa mukalimbana nawo angopeza munthu wina.

Msampha uli pa "zina zonse zokhudzana nayo". Tiyerekeze kuti gogo wanuyo watchuka, ana akumutsanzira m'misewu. Kampani ya sopo yapempha kuti gogoyo aoneke pa malonda ake, ndipo okonza filimu adula chiganizo chanu chimodzi n'kuchiika pa wailesi miyezi isanu ndi umodzi. Kenaka bungwe lina lagula katuniyo kuti lifalitsire uthenga womwe inu simugwirizana nawo, mwinanso wa ndale. Pomaliza apanga gawo lachiwiri la filimu polumikiza mawu otsala omwe sanalowe mu gawo loyamba. Zonsezi anganene kuti "n'zokhudzana ndi filimu", ndipo inu munalandira kale K400,000. Choipa china n'choti kampani ina ya sopo singakulembeninso, poti mawu anu akumveka kale kwa opikisana nawo.

Pemphani kuti chiganizocho chilembedwe motere:

"Mawu ojambulidwa adzagwiritsidwa ntchito mu filimu yotchulidwa pamwambapa ndi mu tizidutswa toitsatsira filimuyo basi. Kuwagwiritsa ntchito potsatsa katundu kapena uthenga wa ena, mu gawo lina la filimu, kapena kuwadula kuti anene zomwe sizinali mu sewero, kudzafuna chilolezo cholembedwa ndi malipiro atsopano. Chilolezo chidzayamba kugwira ntchito malipiro onse akaperekedwa."

Chiganizo chomalizacho ndicho nkhwangwa yanu, chifukwa "filimu ikatha" si tsiku. Ntchito ya katuni imayamba kawirikawiri ndi kujambula mawu, zithunzi n'kumabwera pambuyo kwa miyezi yambiri, ndipo ndalama zikawathera pakati filimu siitha n'komwe. Zikatero adzakuuzani kuti nthawi yolipira sinakwane, ndipo pa pepala adzakhala akunena zoona. Malipiro amangiriridwe pa ntchito yanu: K200,000 tsiku losaina, K200,000 pasanathe masiku 14 mutamaliza kujambula. Alembenso kuti ndalamazi ndi za masiku angati a mu situdiyo. Ngati ndi tsiku limodzi, kubwereza chifukwa choti inu munalakwitsa kukhale kwaulere kamodzi, koma akasintha okha mawu a sewero alipire tsiku lina. Ulendo wa Kasungu ndi Lilongwe, kupita n'kubwera, ukachitika katatu pa thumba lanu ndi malo ogona omwe, K400,000 ija yaphwa. Funsaninso ngati ndalamayo ndi yodulidwa kale msonkho, poti makampani ambiri amadula msonkho wa MRA asanalipire, ndipo akadula akupatseni chikalata chosonyeza zomwe adula.

Dzina lanu alilembe kumapeto kwa filimu m'mene mukufunira kuti lioneke. Ndi mzere umodzi, koma ukasowa mu kalata anthu amaiwala.

Onetsetsani amene mukupangana naye. Kalata ikhale ndi dzina lonse la kampani monga inalembetsedwera ku boma, malo ake, ndi dzina ndi udindo wa wosainayo. Ndimaona kawirikawiri kalata yosainidwa ndi wotsogolera filimu pomwe ndalama zili ndi bungwe lina lomwe silikutchulidwa paliponse, ndiye pa tsiku la mlandu aliyense amaloza mnzake. Masamba onse musainepo nonse awiri, inu mutsale ndi kope yanu, ndipo mauthenga a pa foni musafufute.

Akalephera kulipira, yambani ndi kalata yoitanitsa ngongole, yotchula ndalama, tsiku la mgwirizano ndi masiku 14 oti alipire, ndipo wolandira asaine pa kope yanu. Akapanda kuyankha, kasumeni ku khoti la majisitireti. Kalaliki wa khoti la ku Kasungu akuuzani ngati mlandu ungayambire komweko kapena ku Lilongwe komwe kuli kampaniyo. Ku ofesi ya zantchito mwina akakubwezani, chifukwa munthu wolembedwa ntchito imodzi yotere nthawi zambiri satengedwa ngati wapantchito wa kampani. Mlandu wa kontrakiti uli ndi malire a zaka 6, koma kampani yaing'ono ya mafilimu ikhoza kutsekedwa kale nthawi imeneyo isanakwane. Ngati vuto ndi loti mawu anu amveka pomwe simunavomere, jambulani ndi foni malondawo, lembani tsiku, nthawi ndi wailesi yake, ndipo pitani nazo ku bungwe loteteza ntchito zaluso la COSOMA ku Lilongwe kapena kwa loya pamodzi ndi kope ya mgwirizano, poti funso lawo loyamba lidzakhala loti munasaina chiyani.