Abwana akati lipoti lifupike, likonzedwe, lioneke laukatswiri

"Ndinalemba lipoti la masamba anayi lopempha ndalama zokonzera mijigo, ndipo abwana angolemba pamwamba kuti, 'Lifupikitseni, mulikonze bwino, lioneke laukatswiri.' Ndiyambire pati?"

Achemwali, musayambe kudula ndime musanadziwe chimene chawavuta, chifukwa mawu oterewa amangoonetsa kuti wowerenga sanakhutire, koma satchula pamene pagona vuto. Zili ngati kuuza telala kuti achepetse diresi osamuuza ngati mukunena m'chiuno kapena m'litali.

Mawu oti kufupikitsa ndiwo amasocheretsa kwambiri. Mwina abwana akufuna kuti mfundo zonse zikhalepo koma muchotse zobwerezabwereza, ndipo mukatero masamba anayi aja akhoza kutsika kufika pa atatu. Mwina akufuna kuti mfundo zina zichoke ndithu, monga mbiri ya mmene mijigoyo inakumbidwira, yomwe iwo akuidziwa kale. Nthawi zinanso vuto silikhala kuchuluka kwa masamba ayi, koma kuti munthu amawerenga mpaka tsamba lachitatu asanaone ndalama zimene mukupempha, ndipo pamenepo mankhwala ake ndi kuika ndime imodzi pamwamba yonena kuti mijigo yowonongeka ndi ingati, ikufuna ndalama zingati, ndiponso yankho likufunika liti. Mukadula mitengo ya zipangizo pofuna kuti lipoti likwane tsamba limodzi, pamene iwo amangodandaula za ndime zitalizitali, lidzabwezedwa ndi funso loti ndalamazo mwaziwerengera bwanji.

Kukonza bwino kungakhale kuchotsa zolakwika za kalembedwe, kusintha ndondomeko ya mfundo, kapena kuwonjezera umboni. Taonani kuti tanthauzo lomalizali likutsutsana ndi kufupikitsa, pakuti chiganizo choti "mijigo yambiri yawonongeka" chikasanduka "mijigo itatu mwa isanu ndi iwiri inaleka kutulutsa madzi mu Ogasiti chifukwa mapaipi anadzimbirira", chatalika koma chayamba kugwira mtima wa wotulutsa ndalama.

Pa nkhani ya ukatswiri, ambiri amathamangira mawu ovuta, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko ndiko kuwononga. Kawirikawiri abwana amanena za maonekedwe, monga tsiku, mutu, tebulo la mitengo ndi posainira, kapena za kamvekedwe ka mawu. Ngati munalemba kuti "komiti inangolekerera", iwo angafune kuti mulembe kuti "komiti sinatolere ndalama zokonzera kwa miyezi isanu ndi umodzi", chifukwa mawu amenewa akunena zimene zinachitika popanda kunyoza munthu.

Choncho pitani mukawafunse kuti lipotili adzawerenge ndani, likhale masamba angati, ndipo ndi gawo liti limene silingachotsedwe. Ngati ali otanganidwa, konzani tsamba loyamba lokha m'njira ziwiri, ina yongochotsa zobwereza, ina yoyamba ndi pempho ndi tebulo la mitengo, muwaonetse asankhe musanagwire masamba enawo.